Milandu imene yalembedwa m'kalatayi ilipodi?

"Abale, alamu anga awachotsa ntchito ya ulonda ku Booysens. Tinalipira R450 kwa munthu wina wa pa kafe ya intaneti kuti atilembere kalata yopita ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pa ntchito. Chizungu chake ndi chapamwamba, muli milandu itatu ya kukhoti ndi mawu a majaji. Mnzanga akuti ndi za ChatGPT basi. Ndidziwa bwanji? Zithunzi ndi izi."

Achemwali, pepani ndi zimene zagwera alamu anuwo. Zithunzi ndaziona. Chizungu chisakusokonezeni, chifukwa munthu amatha kulemba chosalala, makinanso amatha, ndipo amene akuti amazindikira za makina pongomva kukoma kwa mawu amangolota. Chimene chimagwirika ndi maumboni amene kalata yatchula. Dzina la mlandu, chaka, nambala, ndi mawu amene aikidwa m'kamwa mwa jaji, zonsezi zili ndi kwawo kumene mungakazipeze. Zikapanda kupezeka kumeneko, ndiye kuti wolembayo sanatsegule chigamulo chimene akutchulacho.

Chatiboti ngati ChatGPT sichikhala ndi kabati ya zigamulo yoti chitsegule n'kukopera. Chinaphunzira kuchokera ku zolemba zambirimbiri mmene mawu amatsatirana, ndiye chikamalemba chimangosankha mawu amene akuoneka kuti ndi oyenera kubwera patsogolo. Maonekedwe a dzina la mlandu chimawadziwa bwino kwambiri: dzina la munthu, ka "v" pakati, dzina la kampani, chaka, chidule cha khoti, nambala. Zili ngati munthu amene wamva manambala a foni a kumudzi ochuluka. Akhoza kukulemberani nambala yoyamba ndi 099, manambala khumi okwana bwinobwino, koma mukaimba palibe amene ayankhe, kapena ayankha mlendo. Machatiboti atsopanowa amene amafufuza pa intaneti achepetsako vutoli koma silinathe, makamaka pa mawu ogwidwa.

Ndinatenga milandu itatu ya m'kalata yanuyo n'kuiyesa pa SAFLII, tsamba laulere limene limasunga zigamulo za makhoti a kuno ku South Africa. Inunso mungathe pa foni pomwepo.

Woyamba, wa Discovery Health ndi CCMA wa 2008, ulipodi, ndipo kalata yaufotokoza molondola. Unali wa munthu wa ku Argentina amene pemiti yake yogwirira ntchito inatha, kampani n'kumuchotsa. Khoti la za ntchito linagamula kuti munthuyo anali wantchito ndithu m'maso mwa lamulo, ndipo CCMA inali ndi mphamvu yomva dandaulo lake. Ambiri m'gulu muno mlandu umenewu ukutikhudza. Komatu kulondola kwake sikuyeretsa kalata yonse. Milandu yotchuka ngati uwu yalembedwa malo ambiri, ndiye makina amaigwira bwino. Amayamba kupeka akafika pamene zolemba zili zochepa.

Wachiwiri ndi umene unandidetsa nkhawa, chifukwa ndi wovuta kuugwira. Kalata yatchula Sidumo v Rustenburg Platinum Mines, [2007] ZACC 22. Mlanduwu ndi weniweni, nambala yake ndi yoona, ndipo unagamulidwa ku Khoti la Malamulo Aakulu pa Braamfontein pompa. Bambo Sidumo analinso mlonda, pa mgodi. Munthu wongoona kuti dzina lilipo akhoza kukhutira n'kutseka foni. Koma kalata yanu yaika mawu m'zizindikiro zogwira mawu, kunena kuti khoti linati bwana sangachotse wantchito asanamupatse machenjezo atatu olembedwa, ndipo yatchulanso nambala ya ndime. Chigamulocho chili apa:

```
saflii.org/za/cases/ZACC/2007/22.html
```

Mukatsegula, dinani timadontho titatu ta pakona ya Chrome, sankhani `Find in page`, kenako lembani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi otsatizana ochokera pakati pa chiganizo chogwidwacho. Musalembe chiganizo chonse, chifukwa kampumiro kamodzi kosiyana kakhoza kulepheretsa kufufuzako n'kukunamizani. Yesani zidutswa ziwiri kapena zitatu zosiyana. Ine ndinayesa, palibe chinapezeka. Ndinapitanso pa ndime imene yatchulidwayo, ikukamba nkhani ina. Nkhani yaikulu ya Sidumo ndi ya mmene khoti liyenera kuunikira chigamulo cha komishonala wa CCMA, ndipo muyeso wake wotchuka uli pa ndime 110: kodi chigamulocho ndi choti munthu woganiza bwino sakanafikapo? Za machenjezo atatu ndi nkhani ya m'mateksi. Lamulo la kuno limalola kuchotsa munthu pa kulakwa koyamba ngati kulakwako kuli kwakukulu, monga kuba kapena kumenya mnzake pa ntchito. Makina anatenga chimene anthu amakonda kunena, n'kuchiveka dzina la khoti lalikulu.

Mawu opeka amakhalanso ndi kafungo kake. Amakwanira bwino mopitirira muyeso pa mfundo imene wolemba akufuna, ngati jaji ankadziwa kale za alamu anu. Majaji enieni amalemba ziganizo zazitali, zodzaza ndi "koma" ndi "pokhapokha". Kafungoko si umboni ayi, kamangokuuzani poyambira kufufuza.

Wachitatu ndi wa dzina la munthu ndi kampani ya alonda, chaka 2018, chidule ZALAC, kutanthauza khoti la apilo la za ntchito. Ndinaika chaka ndi nambala yake mu adiresi ngati ili pamwambayo, m'malo mwa ZACC n'kulemba ZALAC. Chinatseguka ndi chigamulo cha anthu ena, pa nkhani ina. Ndinafufuza maina a mbali ziwirizo pa SAFLII komanso pa Google, aliyense payekha, osapeza kanthu. Nambala ya eni ake yamatidwa pa dzina losadziwika, ndipo ndi mmene milandu yopeka imaonekera kawirikawiri.

Apa tisathamange. Kusapezeka pa SAFLII pakokha sikutanthauza kuti mlandu kulibe. Si chigamulo chilichonse chimaikidwa pamenepo, makamaka za makomishonala a CCMA ndi za makhoti a majisitireti. Munthunso amalakwitsa: akhoza kulemba 2017 m'malo mwa 2018, kapena kuphonya chilembo m'dzina. Kusiyana kwake n'kwakuti kulakwitsa kwa munthu kumakusiyani pafupi ndi chinthu chenicheni, mukasintha chaka mlanduwo umatulukira. Chopeka mungachitembenuze mbali zonse, palibe chimatuluka. Ndipo amene walemba nambala ya mtundu wa ZALAC akunena yekha kuti chigamulocho chinasindikizidwa pa intaneti. Choncho bwererani kwa wa pa kafeyo mukamupemphe chinthu chimodzi chokha, kuti akutsegulireni chigamulocho pa kompyuta yake inu mukuona. Amene anawerengadi sizimutengera mphindi ziwiri. Musavomere kuti atsimikize pobwerera ku makina omwewo, chifukwa amene anapeka dzina akhoza kupekanso chigamulo chonse, masamba ndi masamba.

Musadzione ngati opusa, zagwera ndi maloya omwe. Ku New York mu 2023, pa mlandu wa Mata v. Avianca, maloya anapereka kukhoti milandu isanu ndi umodzi yopeka yochokera ku ChatGPT, ndipo jaji anawalipiritsa madola 5,000. Chaka chomwecho kuno ku Joni, pa mlandu wa Parker v Forsyth ku khoti la majisitireti, zinachitikanso zofananako. Mu Januwale 2025 ku Khoti Lalikulu la Pietermaritzburg, pa mlandu wa Mavundla, jaji anafufuza milandu isanu ndi inayi imene maloya anatchula, n'kupeza iwiri yokha kuti ilipo. Anatumiza nkhaniyo ku Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya. Onani kuti m'nkhani zonsezi palibe amene anagwidwa ndi kalembedwe. Wina anangopita kukafuna chigamulo chotchulidwacho n'kubwerako chimanjamanja.

Funso loti ndi makina kapena munthu, ine sindilitenga ngati lalikulu. Munthu akhoza kugwiritsa ntchito chatiboti, kenako n'kutsegula mlandu uliwonse, kuchotsa zabodza, kalata n'kukhala yabwino. Wina akhoza kulemba ndi dzanja lake n'kunama. Chimene mlandu wopeka ukukuuzani n'chakuti kalata yatuluka popanda munthu woiyang'ana. Maina a milandu ndiwo osavuta kutsimikiza m'kalata yonse. Ngati amenewo sanayang'anidwe, masiku, ndalama ndi zigawo za malamulo zimene zili mmenemo sitingazikhulupirire.

Ndipo ndi pamenepa pali ngozi yeniyeni, pa tsamba lachiwiri. Kalata ikuti malinga ndi gawo 191 la Labour Relations Act, alamu anu ali ndi masiku 90 okadandaula. Gawolo ndi loona, lamulolo ndi loona, nambala 90 ilimonso. Koma masiku 90 ndi a madandaulo ena a kuponderezedwa pa ntchito, monga kumanidwa kukwezedwa kapena kuimitsidwa mosayenera. Wochotsedwa ntchito ali ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku limene anachotsedwa, ndipo Loweruka ndi Lamlungu amawerengedwa. Akachedwa ayenera kulemba pempho lapadera lofotokoza chifukwa chochedwera, ndipo komishonala akhoza kukana. Tsiku limene lili pa kalata yowachotsa ija, werengani kuyambira pamenepo lero lomwe.

Kukayamba dandaulo ku CCMA sikufuna milandu ya kukhoti ngakhale umodzi, ndipo sikulipiritsa. Pali fomu yotchedwa LRA 7.11. Amalembapo dzina lawo, dzina ndi adiresi ya kampani, tsiku lochotsedwa, zimene zinachitika mwachidule, ndi chimene akufuna, kaya kubwerera pa ntchito kaya chipukuta misozi. Kope imodzi ipite kwa bwana, ndipo asunge umboni woti yafika, monga imelo kapena siginecha ya wolandira. Makampani a alonda ali ndi khonsolo yawoyawo yokambirana za ntchito, ndiye akafika afunse ngati dandaulo likhale pa CCMA pomwepo kapena lipite kumeneko. Pa msonkhano woyamba woyanjanitsa maloya saloledwa n'komwe, amafuna munthu afotokoze yekha, ndipo womasulira mukhoza kumupempha pa fomu yomweyo.

Kalata ya R450 ija musaiphatikize. Mbali ya bwana imabwera ndi anthu a ntchito yomweyi, amene Sidumo amamudziwa pamtima, ndipo akangoona mawu abodzawo nkhani idzachoka pa kuchotsedwa kwa alamu anu n'kupita pa kalata. Zoti atenge ndi kontirakiti, mapepala a malipiro, kalata yowachotsa, ndi mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa supavaiza. Ngati nkhani idzafike pofuna milandu, apite ku Legal Aid South Africa kapena ku Wits Law Clinic, atenge mapepala onsewo pamodzi ndi kope ya fomu imene anapereka.