Impso za mwana zikafooka, mlingo wa mankhwala tiutani?

"Ndine namwino ku wodi ya ana. Mwana akakhala ndi vuto la impso, kodi mankhwala onse ndiziwadula pakati?"

Ayi achemwali, onse ayi. Koma funso lanuli landikumbutsa mwana wina wa zaka 6 amene ndinampeza pa chipatala china, wotsegula m'mimba, woonda, akubayidwa jentamaisini tsiku ndi tsiku, kwinaku mayi ake akumumwetsa bulufeni wa ku golosale. Pepala la ku labu linati kiriyetinini, chinthu cha m'magazi chimene chimakwera impso zikafooka, ndi 1.0 mg/dL, ndipo aliyense anangoti zili bwino. Kwa munthu wamkulu n'zoona. Kwa mwana ayi ndithu, chifukwa kiriyetinini amachokera mu mnofu, ndiye kamwana kopanda mnofu kakafika pa 1.0 impso zavutika kale. Zimandiwawa kuti mwanayo anamuyeza pa sikelo koma palibe anamuyeza kutalika, pamene tepi inali pakhoma pomwepo.

Kutalikako n'kumene kumalowa mu masamu a Schwartz a 2009, owerengera eGFR, nambala yosonyeza mphamvu ya impso posefa magazi:

```
eGFR = 0.413 × kutalika (cm) ÷ kiriyetinini (mg/dL)
```

Mwanayo anali wa masentimita 110, ndiye yankho ndi 45, pamene impso zabwinobwino zimapitirira 90. Labu yanu ikamalemba µmol/L, ikani 36.5 m'malo mwa 0.413. Komanso masamuwa amagwira pokhapokha kiriyetinini ataima malo amodzi. Ngati akukwerabe tsiku lililonse, kapena mkodzo watsika pansi pa 0.5 ml pa kilogalamu pa ola, dziwani kuti impso zili moipa kuposa mmene nambala ikunenera. Ine ndimati wodi imene siyeza mkodzo wa mwana wotere ilibe chilolezo chopitiriza jentamaisini. Mayi akuyang'anira mwanayo amadziwa bwino lomwe kuti thewera lakhala louma kuyambira liti, afunseni.

Nanga mlingo?

Mlingo woyamba suchepetsedwa, poti matendawo akufunika kumenyedwa lero lomwe. Zosintha zimayambira pa wachiwiri, ndipo zimakhudza mankhwala otuluka kudzera mu impso okha. Mwina mumachepetsa mlingo, mwina mumatalikitsa nthawi. Jentamaisini amafuna njira yachiwiriyi, chifukwa amapha tizilombo akakwera kwambiri m'magazi, ndipo impso ndi makutu zimapuma akatsika. Mwana wa makilogalamu 18 pa 7.5 mg pa kilogalamu alandira 135 mg, kenako jakisoni wotsatira adikire maola 36 kapena 48, kapena mpaka magazi aonetse kuti watsika pansi pa 1 mg/L. Kumudula pakati n'kumabayabe tsiku lililonse ndiye kulakwitsa kawiri: sakupha bwino, koma akuunjikana.

Poti zipatala zathu zambiri siziyeza jentamaisini m'magazi, kambiranani ndi adokotala zosinthira ku seftiriyakizoni, amene gawo lina amatulukira mu ndulu. Pa mankhwala a malungo, atesuneti sasinthidwa. Kwinini amachepetsedwa ndi gawo limodzi mwa atatu pakatha maola 48 impso zisanachire. Bulufeni ndi daikolofenaki asiyiretu, panado akwanira. Ndipo impso zikayamba kuchira, muwerengenso n'kubwezera mlingo mwakale.