Chiwongoladzanja chikutiuza chiyani za kugwa kwa kwacha?

"Ndikuphunzira zachuma chaka chachiwiri. Atipatsa funso lakuti chiwongoladzanja pa kwacha ndi 26 peresenti pa chaka, pa dola ya ku America ndi 5 peresenti, ndipo dola imodzi ndi K1,750. Akuti tipeze kuti kwacha ikuyembekezeka kugwa bwanji potsatira lamulo la UIP. Ine ndapeza 21, mnzanga wapeza 20, wina akuti 16.7. Wolondola ndani?"

Achimwene, nonse atatu mwagwirako mbali ya choonadi, koma pa mayeso mulembe kuti dola ikuyembekezeka kukwera ndi 20 peresenti, kufika pa K2,100. Tiyambire pa ndalama zenizeni, fomula ibwere pambuyo.

Tiyerekeze kuti munthu ali ndi K1,750,000 ndipo sakuifuna mpaka chaka chamawa. Akaibwereketsa m'makwacha pa 26 peresenti, chaka chikamatha alandira K2,205,000. Akasankha kugula madola lero apeza $1,000, ndipo pa 5 peresenti adzakhala ndi $1,050. Lamulo la UIP, lomwe pa Chingerezi ndi uncovered interest parity, limati ngati anthu ali ndi ufulu wosamutsa ndalama zawo, ndipo sakuopa kwacha kuposa dola, njira ziwirizi ziyenera kulonjeza phindu lofanana. Zikapanda kufanana, onse athamangira ku njira yopindulitsayo mpaka mitengo itasintha. Ndiye funso ndi ili: kodi dola idzakhale pa mtengo wanji kuti $1,050 ifanane ndi K2,205,000? Gawani 2,205,000 ndi 1,050, mupeza K2,100.

Fomula yake ndi zomwezi, zangolembedwa mwachidule:

```
E(S1) = S0 × (1 + i_MWK) / (1 + i_USD)
E(S1) = 1750 × 1.26 / 1.05 = 2100
```

S0 ndi makwacha ogulira dola imodzi lero, E(S1) ndi mtengo woyembekezeka chaka chikatha, i_MWK ndi chiwongoladzanja cha pa kwacha, ndipo i_USD ndi cha pa dola. Dziwani kuti munthu wathuyu sanapangane ndi banki za mtengo wodzasinthira madola akewo, akungoyembekezera. K2,100 ndi chiyembekezo cha msika, si lonjezo.

Kuchoka pa 1,750 kufika pa 2,100 ndi kukwera kwa 20 peresenti. Pamenepo ndi pomwe mnzanu waima.

Yanu ya 21 mwaipeza pochotsa 5 pa 26. Njira yachidule imeneyi ili m'mabuku ambiri, ndipo imagwira bwino chiwongoladzanja chikakhala chochepa mbali zonse ziwiri. Pa 4 ndi 2 peresenti, kuchotsera kumapereka 2 pamene kugawa kumapereka 1.96, kusiyana kosadetsa nkhawa. Koma kusiyana kwa chiwongoladzanja kukafika m'ma 20, cholakwikacho chimakula: 21 peresenti ikukufikitsani pa K2,117.50, mwaphonya ndi K17.50 pa dola iliyonse. Pa katundu wa $50,000 ndi K875,000 imeneyo. Kwa ife kuno, komwe chiwongoladzanja cha banki yaikulu chidafika pa 26 peresenti mu 2024, ndi bwino kuzolowera kugawa.

Ya 16.7 ndi imene imasokoneza ngakhale anthu a nyuzipepala, choncho tichedwepo pang'ono. Dola ikakwera ndi 20 peresenti, sizitanthauza kuti kwacha yataya 20 peresenti ya mphamvu zake. K1,750,000 imagula $1,000 lero. Pa K2,100 ndalama yomweyo igula $833.33 yokha. Yataya $166.67 pa $1,000, yomwe ndi 16.7 peresenti.

```
kukwera kwa dola = 2100/1750 − 1 = 20%
kugwa kwa kwacha = 1 − 1750/2100 = 16.7%
```

Tidaziona izi mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi idasuntha mtengo wogulitsira dola kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Tonse tinkati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Kunena zoona, 44 inali kukwera kwa mtengo wa dola. Mphamvu ya kwacha yogulira madola idatsika ndi pafupifupi 31 peresenti. Wogula katundu kunja amamva ululu wa 44, chifukwa ndi makwacha owonjezera amene akuyenera kusaka. Wosunga makwacha amene amawerengera chuma chake m'madola amamva wa 31. Pa mayeso, onani mmene aphunzitsi alembera mtengo wosinthira. Ngati alemba makwacha pa dola imodzi, ndipo kugwa akukutanthauzira ngati kusintha kwa mtengo umenewo, yankho ndi 20. Lembani ziwiri zonsezo, ndipo mutchule kuti iliyonse ikuyeza chiyani.

Chizindikiro chakuti mwatembenuza fomula n'chosavuta kuchiona. Mukaika 1.05 pamwamba ndi 1.26 pansi, mupeza K1,458, ngati kuti kwacha ikupita kukalimba. Mu UIP, ndalama ya chiwongoladzanja chokwera ndi imene imayembekezeka kugwa, nthawi zonse. Chiwongoladzanja chokweracho ndi chipukutamisozi cha kugwa komwe anthu akukuona kutsogolo.

China chomwe ophunzira amagwerapo ndi nthawi. Chiwongoladzanja chimatchulidwa cha pa chaka ngakhale ngongoleyo ili ya miyezi itatu. Funso likakhala la masiku 91, monga mapepala ena a ngongole ya boma, muyambe mwachepetsa mbali zonse ziwiri: 26 × 91/365 ndi 6.48 peresenti, 5 × 91/365 ndi 1.25 peresenti. Kugawa 1.0648 ndi 1.0125 kukupatsani kukwera kwa pafupifupi 5.2 peresenti, dola ya K1,840. Ndipo musafanizire pepala la masiku 91 la dziko lino ndi la zaka khumi la ku America. Nthawi ikhale imodzi, mtundu wa ngongole ukhale umodzi.

Tsopano musatenge K2,100 kukauza munthu wa bizinesi kuti ndiwo mtengo wa chaka chamawa. Wobwereketsa boma makwacha samangoopa kugwa kwa ndalama. Amaopanso kuchedwa kulipidwa, ndiponso kuti nthawi ikakwana madola sadzapezeka kubanki. Mantha amenewo amalowa m'chiwongoladzanja. Tinene kuti akufuna mapointi 6 owonjezera, ndiye kuti akuyerekeza kwacha ndi 11 peresenti m'malo mwa 5. Pamenepo 1.26 kugawa ndi 1.11 ndi 1.135, dola yoyembekezeka ndi pafupifupi K1,986, kukwera kwa 13.5 peresenti basi. Ziwerengero za chiwongoladzanja pazokha sizingakuuzeni kuti gawo la mantha ndi lalikulu bwanji, n'chifukwa chake 20 imasakaniza zinthu ziwiri.

Vuto lachiwiri ndi S0 yeniyeniyo. Lamuloli limafuna kuti munthu athe kugula madola pa mtengo umenewo lero, ochuluka mmene angafunire. Kumene kuli malamulo oletsa kutulutsa ndalama zakunja, ndipo mtengo wa kubanki watalikirana ndi wa pamsika wozembera, njira ya madola ija yatsekeka, choncho palibe chokakamiza mbali ziwirizi kufanana. Mtengo wovomerezeka ungathe kukhala malo amodzi miyezi yambiri kenako n'kudumpha tsiku limodzi, monga zidachitikira mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023.

Ngakhale m'mayiko a misika yotseguka, lamuloli limaphonya pa nthawi yaifupi. Katswiri wa zachuma Eugene Fama adaonetsa mu 1984 kuti ndalama zikuluzikulu za chiwongoladzanja chokwera kawirikawiri sizinkagwa mmene fomula imanenera, mwinanso zinkalimba kumene. Pa pepala lanu, pansi pa K2,100, onjezani mzere wakuti yankholi likudalira kuti ndalama zikuyenda momasuka ndiponso kuti palibe chowonjezera cha mantha pa kwacha.