Anthu Anayamba Bwanji Kuikidwa m'Mitundu Yapamwamba ndi Yapansi?

"Kodi zoti mtundu uwu ndi wapamwamba, uwu ndi wapansi, anayambitsa ndani, ndipo zinafala bwanji?"

Achimwene, tiyambire pa Carl Linnaeus wa ku Sweden, katswiri wa zomera ndi zinyama. Mu 1735 anagawa anthu m'magulu anayi potengera dera ndi khungu: a ku Ulaya, Amereka, Asia ndi Africa. Koma mu 1758 anawonjezera makhalidwe: akuti Mzungu ndi wanzeru ndipo amatsata malamulo, wa ku Africa ndi waulesi. Mwiniwakeyo ku Africa sanapondeko phazi, ankangodalira nkhani za apaulendo.

Kenaka kunabwera zoyeza zibade. Samuel Morton, dokotala wa ku Philadelphia ku Amereka, ankathira njere za mpiru m'chibade, pambuyo pake timipira ta mtovu, n'kukhuthulira m'choyezera kuti aone kukula kwa ubongo. Azungu anawaika pamwamba. Vuto lake n'lakuti kukula kwa chibade kumatsata kukula kwa thupi, ndipo si muyezo wa nzeru. Munthu wamtali mutu umakulanso, basi.

Kufala kwake sikodabwitsa, munali ndalama. Eni minda ya nzimbe ndi thonje ankati ndi Akhristu, uku akugula anthu ngati mbuzi, choncho ankafuna chodzikhululukira nacho. Bukhu lokhala ndi manambala linawamasula mtima. Atsamunda nawo, pogawana Africa pamsonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, ankati akudzatukula anthu otsalira. Maganizowo analowa m'mabuku a kusukulu ndi m'kalembera, mpaka ku Rwanda a Belgium analemba pa chiphaso cha munthu aliyense kuti uyu Mhutu, uyu Mtutsi, uyu Mtwa.