Kagetsi ka buluu ka kuzizira kwa injini: kudikira kapena kunyamuka?

Funso: Galimoto yanga ilibe geji yoonetsa kutentha kwa injini. Ndikaliza m'mawa pamayaka kagetsi ka buluu kooneka ngati choyezera kutentha chomizidwa m'madzi. Ndimadikira mphindi 10 kapena 15 kuti kazime ndisananyamuke. Masiku ano kayamba kuyakanso ndikamatsika mtsetse wautali. Kodi pali chawonongeka?

Yankho: Kuyaka kwa m'mawako si vuto ayi. Kuyakanso muli pa ulendo ndiko kofunika kukuonetsetsa, ndipo tifikako.

Kagetsiko kamangokuuzani kuti madzi ozungulira mu injini sanatenthe. Kamapezeka pa magalimoto ambiri opanda geji, monga Mazda Demio ndi Honda Fit, ndipo pa ena kamakhala kobiriwira. Kamazima madziwo akafika pa madigiri pafupifupi 50 mpaka 60, malinga ndi mtundu wa galimoto. Koma injini imagwira bwino ntchito madzi ali cha m'ma 85 mpaka 100. Choncho kuzima kwake sikutanthauza kuti injini yatentha mokwanira. Komanso oyilo amachedwa kutentha kuposa madzi, moti kagetsi kakazima iye amakhala akadali wolimbirako.

Oyiloyo ndiye mwini nkhani. Akazizira amayenda movutikira m'timipata tating'ono topita ku mabeyaringi ndi kumutu kwa injini. Nthawi yomweyo mapisitoni, omwe ndi a aluminiyamu, amakhala asanafutukuke kufika pa msinkhu wake, ndiye amagwedera pang'ono m'masilinda. Mukaponda mafuta mwamphamvu zinthu zili chonchi, zitsulo zimanyamula katundu wolemera pomwe oyilo sakufika msanga paliponse. Injini siifa tsiku lomwelo. Imangodyeka pang'onopang'ono, kenako mudzaona yayamba kumwa oyilo ndi kutulutsa utsi isanakalambe.

Kudikira mphindi 15 galimoto itaima musiye. Injini yongolira osayenda imawotcha mafuta ochepa, ndiye imatenthanso mochedwa kwambiri. Nthawi yonse imene ili yozizira, kompyuta ya galimoto imathira petulo wochulukirapo. Wina mwa petuloyo sapsa, amamatira m'makoma ozizira a silinda, n'kutsuka oyilo amene anali pamenepo, wina n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo. Mukamadikira nthawi yaitali ndiye kuti mukutalikitsa nthawi yoipayo. Giyabokosi nayo siitentha kwenikweni galimoto itaima.

Chitani chonchi. Lizani injini osaponda mafuta, muone kuti kagetsi kofiira ka oyilo kazima m'masekondi ochepa. Muvi wa RPM, woonetsa liwiro la kuzungulira kwa injini, udzakwera cha pa 1,200 mpaka 1,500, ndipo zimenezo n'zabwinobwino, umatsika wokha kufika pa 700 kapena 800 injini ikatentha. Dikirani masekondi 30 kapena mphindi imodzi, nthawi yomangira lamba ndi kuona magalasi, kenako nyamukani. Pokhapokha ngati galasi lakutsogolo lachita nkhungu kapena chisanu, pamenepo dikirani mpaka muziona bwino.

Mukuyenda, muvi usapitirire 2,500, pokwera pang'ono 3,000, ngati injini ndi ya petulo. Ya dizilo isungeni cha pa 2,000. Phazi lisafike ngakhale theka la chopondera mafuta. Koma palinso kulakwitsa kwa mbali inayo, komwe madalaivala osamala amagwamo: kulowetsa giya yaikulu msanga pofuna kuti muvi ukhale pansi. Kukwera chitunda mu giya 4 muvi uli pa 1,200, phazi lili pansi, injini ikunjenjemera, kumapweteka mabeyaringi kuposa kukwera mu giya 2 muvi uli pa 2,500. Injini yozizira imafuna kuzungulira mopepuka, osati kukoka mokakamizika. Ngati galimoto ndi ya otomatiki ndipo ikuchedwa kusintha magiya m'mphindi zoyambirira, musadandaule, ambiri anapangidwa motero kuti atenthe msanga. Hita musayitsegule mwamphamvu poyamba, chifukwa imaba kutentha komwe injini ikufuna.

Mukayenda motere, kagetsi kayenera kuzima m'mphindi zitatu mpaka zisanu, kukazizira kwambiri mwina kupitirirako pang'ono. Kakazima, pitirizani kuyenda mofatsa mphindi zina zisanu kapena khumi musanayambe kupitirira magalimoto ena mwamphamvu. Injini ya thabo imafuna chisamaliro chimenechi koposa, poti thabo imazungulira mothamanga kwambiri ndipo imadalira oyilo yemweyo.

Tsopano za mtsetse zija. Injini yabwino ikatentha siibwerera pansi pa madigiri 60 ikuyenda, ngakhale kunja kuzizire. Chimene chimaisunga yotentha ndi themositati, kavalavu kamene kamatseka njira yopita ku rediyeta mpaka madzi atafika cha pa madigiri 82 kapena 88, malinga ndi injini. Pa mtsetse mumachotsa phazi, injini imaleka kuwotcha mafuta, pomwe mphepo yambiri ikuomba rediyeta. Themositati yabwino imatseka n'kusunga kutentha. Yomwe yafa ili yotseguka imalola madzi kuzungulirabe mu rediyeta, ndiye amazizira mpaka kagetsi kayakanso. Ine ndikuganiza kwambiri kuti vuto ndi limeneli pa galimoto yanu. Funsaninso ngati wina sanaichotse, chifukwa amakaniko ena amaichotsa pofuna kuthetsa kutentha kwambiri kwa injini, m'malo mokonza chimene chikutenthetsa.

Mutha kuyesa nokha m'mawa injini itagona usiku wonse. Yambani mwaona mlingo wa madzi m'kabotolo ka pambali pa rediyeta, akhale pakati pa MIN ndi MAX. Madzi akachepa, sensa imatha kukhala mu mpweya n'kumapereka uthenga wabodza, injini ikutentha koma inu osadziwa. Kenako lizani injini, muzigwira paipi yaikulu yapamwamba ya rediyeta mphindi ziwiri zilizonse, manja ndi zovala zili kutali ndi fani ndi lamba. Ngati themositati ili bwino, paipiyo ndi rediyeta zimakhala zozizira kwa nthawi, kenako zimatentha mwadzidzidzi ikatseguka. Ngati zikufunda pang'onopang'ono kuyambira mphindi zoyambirira, madzi akudutsa nthawi isanakwane. Zizindikiro zina ndi hita yongotulutsa mpweya wofunda pang'ono ndi kumwa mafuta kwambiri. Chivundikiro cha rediyeta musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amapsereza koopsa.

Makaniko amene ali ndi makina a OBD2, owerenga kompyuta ya galimoto, angatsimikize msanga. Injini isanalizidwe m'mawa, kutentha kwa madzi kumene makinawo akuwerenga kufanane ndi kwa kunja. Ngati kunja kuli madigiri 20 koma akuwerenga 0 kapena -40, vuto ndi sensa kapena mawaya ake, ndipo akamawerenga -40 nthawi zambiri makinawo amaonetsa nambala ya vuto ya P0118. Ngati kuwerengako kuli bwino koma poyenda madzi akungoima pa 60 kapena 70, n'kumatsika pa mtsetse, ndi themositati, ndipo magalimoto ambiri amalemba P0128.

Posintha, gulani ya madigiri ofanana ndi yakale, nambala yake imadindidwa pa themositatiyo. Ikani ndi labala yatsopano, kabowo kotulutsira mpweya kayang'ane m'mwamba ngati kalipo, ndipo mukathira madzi osakaniza ndi kulanti tulutsani mpweya wonse hita itatsegulidwa kufika potentha kwambiri. Mpweya ukatsalamo, mutha kuona kagetsi ka kutentha kwa injini kakuyaka kofiira, ndipo kofiirako n'koimitsa galimoto ndi kuzimitsa injini pomwepo.