Laputopu yakana Windows 11: onani izi musanakhudze BIOS

"Akuluakulu, ndagula laputopu ya HP yogwiritsidwapo kale ntchito kuno ku Mzuzu, Core i5-8250U, RAM 8 GB, ili ndi Windows 10. Ndikati ndiike Windows 11 ikulemba kuti This PC can't run Windows 11. Ndiye kuti andigulitsa chakutha?"

Achimwene, makinawo si akutha ayi. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndipo 8 ali koyambirira kwa 8250U akusonyeza kuti yanu ili m'gulu lomwelo. RAM imafunika 4 GB yokha. Zatsala ziwiri, TPM 2.0 ndi Secure Boot, ndipo pa laputopu ngati yanuyo zonsezi zimakhalapo, kungoti wina anazitseka.

Yambani ndi TPM, chifukwa sivuta. Ndi kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi a kompyuta. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe `tpm.msc`. Ikalemba kuti The TPM is ready for use, ndipo pa Specification Version pali 2.0, apo pali bwino. Ikati Compatible TPM cannot be found, zimitsani makina, poyatsa muzidina F10 mpaka mulowe mu BIOS, mupite pa Security mukaitsegule. Makina ena sailemba TPM: a Intel amati PTT, a AMD amati fTPM. Pomwepo mukaona Clear TPM, musapakhudze.

Ine ndikukayikira kwambiri chachiwirichi, Secure Boot, chitetezo choletsa mapulogalamu osadalirika kuyamba pamene kompyuta ikuyaka. Lembani `msinfo32` m'kabokosi komwe kaja, muone mzere wa BIOS Mode ndi wa Secure Boot State. Ngati woyamba ukuti UEFI, yomwe ndi njira yatsopano yoyatsira kompyuta, palibe vuto lalikulu, mungokayatsa Secure Boot mu BIOS. Koma malaputopu ambiri ogula kwa anthu mupeza alemba Legacy, winawo Unsupported. Amene anaika Windows 10 anatsata njira yakale kuti fulashi yake igwire msanga, basi. Secure Boot imagwira ntchito pa UEFI pokha, n'chifukwa chake Windows 11 ikukana.

Apa m'pamene anthu amadzipweteka. Amathamangira mu BIOS, n'kuzimitsa Legacy Support, poyatsa makina amangoona Boot Device Not Found, mtima n'kukhala phaa poganiza kuti mafayilo apita. Sanapite. Windows yoikidwa pa Legacy imakhala pa disiki yokonzedwa mwa MBR, pamene UEFI imafuna ya GPT, ndiye ikayang'ana sipeza poyambira. Zikakuchitikirani, bwezerani Legacy ndipo iyaka ngati kale.

Choncho muyambe mwasintha disiki kuchoka pa MBR kupita pa GPT, BIOS ibwere pambuyo. Koperani kaye mafayilo anu onse pa fulashi kapena pa disiki ina. Ngati BitLocker, chitetezo chokiya mafayilo a pa disiki, ndi yoyatsa, sungani kiyi yake ya manambala 48 penapake, kenako muiimitse kaye. Batire ikhale yodzaza, chaja ili pomwepo, chifukwa magetsi akathima ntchito ili pakati pa laputopu ya batire yofooka, mudzalira. Tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator, mulembe:

```
mbr2gpt /validate /allowFullOS
```

Lamulo ili silisintha kanthu, limangoyeza. Likati Validation completed successfully, pitirizani:

```
mbr2gpt /convert /allowFullOS
```

Likakana, nthawi zambiri n'chifukwa choti disiki yagawidwa zigawo zoposa zitatu. Apo musalimbane nalo, ndi bwino kuika Windows mwatsopano. Likatheka, yambitsaninso makina n'kulowa mu BIOS nthawi yomweyo, muzimitse Legacy Support, muyatse Secure Boot, musunge. HP ina imaonetsa manambala anayi oti mulembe potsimikiza. Windows ikayaka, `msinfo32` iyenera kuonetsa UEFI ndi On.

Ngati mulibe zoti musunge ndipo mukufuna kufufuta zonse, `mbr2gpt` musavutike nayo. Sinthani BIOS ikhale pa UEFI, lowetsani fulashi yoikira Windows 11, dinani F9 poyatsa. Fulashi ikaoneka kawiri, sankhani pamene palembedwa UEFI. Mukasankha penapo, uthenga uja wa This PC can't run Windows 11 ubweranso ngakhale makina ali bwinobwino.

Wina akuuzani kuti pulogalamu ya Rufus imapanga fulashi yolumpha zonsezi. N'zoona, ndipo kwa amene ali ndi purosesa ya m'badwo wa 6 kapena 7 ndingamvetse, poti Windows 10 inasiya kulandira zokonza zaulere za masiku onse pa 14 Okutobala 2025. Koma Microsoft silonjeza kuti makina olowa mwa njira imeneyo azilandira zokonza nthawi zonse. Inu muli ndi kiyi wa pakhomo, musalowere pazenera. Tumizani chithunzi cha mizere iwiri ya mu `msinfo32` ija tione pamene muli.