Setifiketi ya msonkho yakanidwa pomwe tenda ili pafupi kutsekedwa

*Ndine kalipentala ku Kapata, muno mu Chipata. Ndikufuna kupikisana nawo pa tenda yopanga madesiki a sukulu ya ndalama za CDF, koma akufuna setifiketi yochokera ku ZRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino. TPIN ndili nayo kuyambira 2023. Nditapempha pa intaneti, andikana. Chaka cha 2024 ndinadwala, shopu inali yotseka miyezi isanu ndi itatu, ndiye ngongole ichokera kuti? Kodi pepalali ndi chiyani, ndipo ndikonze mapepala ati?*

Bambo, pepani ndi matenda aja. Mmene mwafotokozeramu, ndikuganiza kuti chakugwetsani ndi maritani, mafomu ouza ZRA zimene mwagulitsa, a miyezi imene shopu inali yotseka, osati ndalama.

Pepala limene akufunalo, lomwe pa TaxOnline, tsamba la pa intaneti la ZRA, limalembedwa kuti `Tax Clearance Certificate`, ndi umboni wa ZRA wakuti mwini TPIN wapereka maritani ake onse, ndipo msonkho walipira kapena wapangana nawo za kalipiridwe. TPIN imangosonyeza kuti munalembetsa. Setifiketi imasonyeza kuti chilembetsereni mwakhala mukuchita zimene munayenera kuchita. N'chifukwa chake TPIN siitha, pomwe setifiketi ili ndi tsiku lothera, ndipo angathe kuilanda nthawi isanakwane mukaleka kutsata malamulo.

A khonsolo sakukuvutitsani dala. Gawo 81B la lamulo la msonkho wa ndalama zimene munthu amapeza limaletsa mabungwe kugula katundu kapena kupereka ntchito kwa munthu wopanda pepalali. Gawo lomwelo limakhudzanso wofuna laisensi ya malonda kapena ya migodi, ndi wogulitsa nyumba kapena malo amene akufuna kusintha dzina pa taitolo. Kuchepa kwa bizinesi sikukuchotsani m'gululi. Kaya shopu ili ndi makina amodzi ndi mnyamata mmodzi wothandiza, wogula akakhala khonsolo kapena sukulu, pepalalo lifunika.

Akalipentala ambiri amalembetsedwa pa `Turnover Tax`, msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono umene umawerengedwa pa zonse mwagulitsa, osati pa phindu. Ritani yake ndi ya mwezi ndi mwezi, ndipo iyenera kulowa pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mwezi umene simunagulitse ngakhale mpando umodzi, ritani imafunikabe, kungoti mumalembapo ziro. Kompyuta ya ZRA sidziwa kuti munali gone kuchipatala. Imangoona mabokosi asanu ndi atatu opanda kanthu, ndipo bokosi lililonse lochedwa limabala chindapusa chake. Motero munthu amene sanagulitse kalikonse amapezeka ali ndi ngongole.

Lowani pa TaxOnline ndi TPIN yanu, muone mitundu ya misonkho imene munalembetsedwa, kenaka muone maritani osaperekedwa ndi sitetimenti ya akaunti. Yang'anitsitsani mitundu ya misonkhoyo. Kawirikawiri amene anakuthandizani kulembetsa, mwina pa kafe ya intaneti, amachonga ndi PAYE yomwe, msonkho wodula pa malipiro a antchito, umene ritani yake imafunika pofika pa 10 mwezi uliwonse. Ngati zinatero, mabokosi opanda kanthu si asanu ndi atatu okha, ndi onse kuyambira 2023. Choyamba perekani maritaniwo, kenaka lembani kalata yopempha kuti akuchotseni pa msonkho umene sukukukhudzani. Kungousiya sikuuthetsa.

Tiyerekeze kuti shopu inatsekedwa Januwale mpaka Ogasiti 2024, ndipo mu Seputembala munagulitsa zitseko za K20,000. Miyezi isanu ndi itatu ija mupereka maritani a ziro, uliwonse pawokha. Wa Seputembala mulembapo K20,000 yonse, osachotsa mtengo wa matabwa, misomali kapena vanishi. Mwezi umenewo uwerengedwa pa 4 peresenti ya nthawi imeneyo, chifukwa 5 peresenti inayamba mu Januwale 2025. Polipira, tengani pa TaxOnline nambala yolipirira yotchedwa PRN, ya msonkho womwewo ndi mwezi womwewo. Ndalama ikalowa pa mwezi wina, sitetimenti imaonetsa zotsala uku ndi ngongole uko, ndipo setifiketi imakanidwabe mpaka a ZRA atazisuntha. Musalembe ziro pa mwezi umene munagulitsa. Ndalama zimene zinadutsa ku banki zimaoneka, ndipo kunama pa ritani ndi mlandu woposa kuchedwa.

Kunena za mapepala, pempho lenileni silifuna envulopu yodzaza, poti limachitikira pa TaxOnline ndipo ndi laulere. Mapepala amagwira ntchito pamene pali chokonza. Popita ku ofesi ya ZRA muno mu Chipata, nyamulani chitupa cha NRC, setifiketi ya TPIN, ndi setifiketi ya PACRA ngati munalembetsa dzina la bizinesi. Onjezani zikalata zovomereza kuti maritani analandiridwa, malisiti a zimene munalipira, buku la malisiti la pashopu, ndi sitetimenti ya ku banki ya miyezi imene ikukanganiridwayo. Inuyo musasiye mapepala a kuchipatala, chifukwa ndiwo adzaimire kumbuyo kalata yanu yopempha kuti akuchotsereni chindapusa. Kuchotsako ndi chisomo cha ZRA, si ufulu umene mungaumirire, ndipo pempho limamveka bwino msonkho weniweniwo ukakhala utalipidwa kale.

Ngongole ikakhala yoona koma simungaithe nthawi imodzi, pemphani pangano lolipira pang'onopang'ono. Akalivomera ndipo inu n'kumalisunga, setifiketi ingathe kutuluka ngongole isanathe. Mukaphonya gawo limodzi, mwadzitsekera nokha.

Nanga akakulemberani msonkho woganizira, woti munagulitsa pamene munali kudwala? Apo muli ndi ufulu wotsutsa mwa kulemba pasanathe masiku 30 chilandirireni chidziwitsocho, mutafotokoza zifukwa ndi kuikapo umboni. Yankho la mkulu wa ZRA likapanda kukukhutiritsani, muli ndi masiku ena 30 okadandaula ku bwalo la apilo la nkhani za msonkho. Kudandaula pakamwa pa kauntala sikuwerengedwa. Kalata iliyonse imene mwapereka, sungani kope yodindidwa tsiku. Komabe pa nkhani ngati yanuyi sindingakuthamangitsireni ku bwalo, chifukwa tenda idzatsekedwa mlandu usanayambe n'kuyamba komwe.

Pali anyamata amene amati muwapatse kangachepe akutulutsireni pepalalo lero lomwe. Wogula angathe kutsimikizira setifiketi kwa ZRA, ndipo yabodza ikagwidwa, mlandu wopereka chikalata chachinyengo umagwera inu amene mwaiika mu tenda. Kubwereka ya mlamu wanu nakonso sikuthandiza: dzina ndi TPIN za pa setifiketi ziyenera kufanana ndi za wopikisana pa tenda. Ngati mukulowa ngati kopaletivu ya akalipentala, kopaletivuyo ikhale ndi TPIN ndi setifiketi yakeyake, ndipo ngati munatsegula kampani, setifiketi ya dzina lanu siiimira kampaniyo.

Werenganinso chikalata cha tendayo mpaka kumapeto, poti nthawi zambiri amafunanso setifiketi ya NAPSA ndi ya bungwe la chipukutamisozi cha ovulala pantchito, ndipo zimenezi sizichokera ku ZRA. Maritani a ziro aja mungawamalize lero lomwe madzulo. Kalata ya chindapusa ndiyo imatenga nthawi, choncho ngati chindapusacho ndi chochepa ndipo tsiku lotseka tenda lili pafupi, lipirani, mupemphenso setifiketi, ndipo ikatuluka muone ngati tsiku lake lothera likupitirira tsiku lotsegula tendayo.