Poto wotchipa wa sitenilesi: adzachita dzimbiri?

"Ndapeza poto wa sitenilesi wotchipa. Ndingadziwe bwanji ngati sadzachita dzimbiri?"

Mutembenuze muone kunsi kwake. Akalemba 18/10, 18/8 kapena 304, ndi wabwino ndithu, chifukwa 10 kapena 8 uja ndi kuchuluka kwa nikelo, ndipo 304 nayenso ali ndi nikelo, yemwe amathandiza chitsulo kupirira mchere ndi zowawasa. Wa 18/0 kapena 430 alibe nikelo, ndipo maginito amamatirira mwamphamvu m'mbali mwake. Musayese kunsi, poti mapoto abwino ambiri ali ndi tsinde logwira maginito.

Chenjerani ndi 201. Maginito samugwira kwenikweni, koma mchere umamudya msanga. Wopanda nambala iliyonse ine sindimukhulupirira. Ngati mwagula kale, musiyemo madzi amchere usiku wonse. Timadontho tofiirira tokumbika ndi dzimbiri. Mawanga a utawaleza asakudetseni nkhawa, amachoka ndi viniga.